Mmene mungawerengere kulemera kwa paipi yachitsulo musanainyamule

Mukafuna kudziwa kuti paipi ikulemera makilo angati koma sikelo mulibe, kapena paipiyo ndi ya mamita 6 yoti pa sikelo ya pa golosale singakwane, masamu amatha ntchitoyo bwinobwino. Mfundo yake ndi imodzi basi: chomwe chimalemera ndi khoma la paipi, chitsulo chozungulira chija, pakati paja ndi mphako chabe mulibe kanthu. Ndiye timayamba tapeza kuti chitsulo chenichenicho chilipo chochuluka bwanji, imeneyo ndiye voliyumu, kenako timataimusa ndi densiti ya chitsulocho. Tiyenda limodzi ndi paipi imodzi kuyambira poyeza mpaka pa makilo, paipi ya madzi ya galavanaizi ya ma inchesi 2 yomwe imapezeka mma hadiweya ambiri, yaitali mamita 6.

Zofunika ndi tepi yoyezera, veniya, kachipangizo ka timano koyezera kunenepa kwa zinthu, ngati mungaipeze (owotcherera ndi amakaniko ambiri amakhala nayo, bwerekani), kakyuleta ya pafoni ndi kapepala kolembapo. Kapepalako musakanyozere, manambala ake ndi angapo ndipo kusunga pamtima kumasokoneza.

Choyamba: dziwani chitsulo chomwe muli nacho

Densiti ndi kulemera kwa kachidutswa kamuyezo wodziwika ka chinthu. Tengani kabokosi kakang'ono ka sentimita imodzi mulitali, imodzi mulifupi, imodzi msinkhu. Mukathiramo madzi amalemera galamu imodzi. Kabokosi komweko kakakhala ka chitsulo wamba chija timawotcherera mageti ndi mafelemu kamalemera magalamu 7.85, aluminiyamu ndi 2.70, kopa ndi pafupifupi 8.96, sitenilesi ali cha pa 7.9 mpaka 8.0 kutengera mtundu wake. Mmabuku mupeza atalemba 7850 kg/m³, musadabwe nazo, ndi nambala yomweyo ya 7.85 kungoti iwo akuwerengera bokosi lalikulu la mita imodzi mbali zonse.

Paipi ya galavanaizi ndi chitsulo wamba chomwe anangochikuta ndi zinki pamwamba kuti isachite dzimbiri, ndiye densiti yake tigwiritsa 7.85. Ngati mukukayika kuti mwina ndi aluminiyamu yesani ndi maginito, ngakhale ya mu sipika yakutha, ikakakamira ndi chitsulo, pa aluminiyamu ndi kopa siigwira olo pang'ono. Kungoti sitenilesi wamitundu yambiri nayenso sagwira maginito kwenikweni, koma ameneyo mumuzindikira ponyamula chifukwa amalemera pafupifupi katatu kuposa aluminiyamu wamsinkhu womwewo.

Chachiwiri: kuyeza, ndipo apa ndi pomwe pagona nkhani

Mukufuna manambala atatu: dayamita ya kunja (kuchokera mbali ina kukafika mbali inayo podutsa pakati penipeni), kuchindikala kwa khoma, ndi utali wa paipi.

Chonde musatenge dzina la paipi ngati muyezo wake. Paipi ya madzi yomwe timati ya ma inchesi 2 kunja kwake si mamilimita 50.8 ngati mmene masamu a inchesi amanenera, ndi mamilimita 60.3. Dzinalo limangoyerekeza bowo lamkati, ndipo ngakhale bowolo silikhala ndendende ma inchesi 2 chifukwa limasintha malinga ndi khoma. Mukangotenga 50.8 nkuika mu masamu, paipi yathuyi ituluka makilo 25 mmalo mwa 30, mwataya makilo 5 pa paipi imodzi musanayambe nkomwe. Komanso pali machubu ena ozungulira a owotcherera omwe amatchulidwa ndi muyezo wakunja, amenewo ma inchesi 2 amakhaladi cha pa 50 kapena 50.8, ndiye njira yokhayo yodalirika ndi kuyeza nokha paipi yomwe ili pamaso panuyo.

Ndi veniya nkosavuta, mumangoitsegula nkukanikiza paipi kunja. Yezani kawiri, kenako tembenuzani paipi pang'ono muyezenso, chifukwa paipi yomwe yakhala ikuponyedwa kuchokera pa lole imatha kuphwatalala pang'ono, mukapeza manambala osiyana tengani apakati. Ngati veniya palibe, zungulizani tepi yofewa ya atelala kapena kachidutswa ka pepala kuzungulira paipi, chongani pomwe pakumana, yezani utaliwo nkudivayida ndi 3.1416. Pa paipi yathuyi mupeza mamilimita 189 ndi kakenakake, mukadivayida mufika pa 60.3. Njira imeneyi ndi yabwino kuposa kuika lula pakamwa pa paipi nkumaganizira kuti pakati ndi pati. Chingwe chonenepa musagwiritse, chimaonjezera muyezo.

Khoma ndiye lofunika kuliyeza modekha kwambiri. Onani izi: mukalakwitsa dayamita ya kunja ndi mamilimita 0.6, yankho lichoka pa makilo 30.2 kufika pa 29.9, palibe vuto lenileni. Koma mukalakwitsa khoma ndi 0.6 yomweyo, kuwerenga 3.0 pomwe ndi 3.6, yankho litsika mpaka 25.4. Kulakwitsa kofanana koma kwina mwataya magalamu 300 kwina pafupifupi makilo 5. Chifukwa chake nchakuti khomalo ndi laling'ono kale, ndiye 0.6 ndi gawo lalikulu la khomalo, pomwe pa 60.3 sikaonekera nkomwe.

Poyeza khoma pewani malo awa. Pomwe adula ndi gilayinda kapena sowo pamatsala timizere tachitsulo takuthwa mmphepete, veniya ikagwira pamenepo imaonetsa khoma lonenepa kuposa mmene liliri, ndiye yambani mwapala ndi fayilo. Pomwe adula ndi chodulira mapaipi cha kawilo chija mlomo umapindikira mkati, nawonso umanamiza. Kumapeto komwe kuli mazinga omangira soketi khoma ndi lopyapyala chifukwa makina anadyako chitsulo. Ndiye mkati mwa mapaipi ambiri muli msoko womwe anawotcherera ku fakitale, umayenda utali wonse, mukalowetsa chala muumva, musayeze pa msokowo. Pezani malo osalala, yezani malo atatu kapena anayi mozungulira. Paipi yathuyi tinene kuti tapeza mamilimita 3.6, lomwe ndi khoma la paipi ya ma inchesi 2 ya kalasi yapakati, ija nthawi zambiri imakhala ndi mzere wa penti wabuluu. Ya mzere wofiira ndi ya khoma lalikulu, mamilimita 4.5.

Utali yezani ndi tepi basi, osangokhulupirira kuti ndi mamita 6 poti ogulitsa atero.

Chachitatu: sinthani zonse zikhale masentimita

Poti densiti yathu ili mu magalamu pa kabokosi ka sentimita, miyezo yonse ikhale mu masentimita. Mamilimita mumadivayida ndi 10, mamita mumataimusa ndi 100. Ndiye dayamita ya kunja ndi 6.03, khoma ndi 0.36, utali ndi 600. Lembani pa kapepala paja. Anthu ambiri amasokonezeka pomwepa, dayamita ili mu mamilimita utali uli mu mamita densiti ili mu zina, yankho nkutuluka loti paipi imodzi ikulemera matani 30 kapena magalamu 30. Inde mungathe kugwiritsa mamita ponseponse ndi 7850, zimatheka bwinobwino, koma manambala ake amakhala a ma ziro ambiri ngati 0.000641 ndipo pa foni ziro mmodzi amathawa mosavuta, nchifukwa chake ine ndimalimbikitsa masentimita.

Chachinayi: dayamita ya mkati

Chotsani khoma kawiri pa dayamita ya kunja. Kawiri, osati kamodzi, chifukwa mukamadutsa pakati pa paipi mumaboola khoma polowa nkuboolanso khoma potuluka. Mu fomulayi d ndi dayamita ya mkati, D ndi ya kunja, t ndi khoma.

```
d = D - 2t
d = 6.03 - 0.72 = 5.31 cm
```

Mungathe kuyeza mkatimo mwachindunji ndi timano tapamwamba ta veniya kuti mutsimikize, muyenera kupeza pafupi ndi mamilimita 53.1. Mukapeza zosiyana kwambiri ndiye kuti muyezo umodzi walakwika, bwererani musanapitirire.

Chachisanu: dera la mphete yachitsulo

Mukaiyang'ana paipi kukamwa mumaona mphete, ngati mmene nsungwi imaonekera mukaidula pakati pa mfundo. Tikufuna kukula kwa nkhope ya mphete imeneyo. Maganizo ake ndi osavuta, werengani bwalo lonse ngati kuti paipi ndi yodzadza, muchotsepo bwalo la mphako, chotsalacho ndiye chitsulo.

```
A = 0.7854 x (D x D - d x d)
```

0.7854 ija ndi 3.1416 yodivayida ndi 4, imabwera chifukwa tikugwiritsa dayamita osati theka lake. Tiyeni tilowetse manambala. 6.03 kutaimusa 6.03 ndi 36.36. 5.31 kutaimusa 5.31 ndi 28.20. Kuchotsera kutsala 8.16. Kutaimusa ndi 0.7854 tikupeza 6.41, amenewo ndi masikweya sentimita.

Samalani ndi dongosolo lake, mumayamba mwataimusa dayamita iliyonse payokha kenako nkuchotsera. Ena amayamba kuchotsera, 6.03 kuchotsa 5.31 nkupeza 0.72, kenako 0.72 kutaimusa 0.72, zimenezo ndi zina zosiyaniranatu, paipi yonse ya mamita 6 ituluka makilo osakwana 2.

Pali njira ina yachiwiri yomwe imapereka yankho lomwelo ndipo ndi yabwino potsimikizira. Taganizani kuti mwaing'amba paipi mu utali nkuitambasula kukhala lata lafulati. Mulifupi mwa latalo ndi kuzungulira kwa paipi poyeza pakatikati pa khoma, kutanthauza dayamita ya kunja kuchotsa khoma kamodzi, kutaimusa 3.1416.

```
A = 3.1416 x t x (D - t)
A = 3.1416 x 0.36 x 5.67 = 6.41
```

Apa khoma tachotsa kamodzi chifukwa tikuyeza pakati pa khoma osati mkati mwa mphako, musazisakanize ndi sitepe yachinayi ija. Njira ziwirizi zikagwirizana ndiye kuti muli pa mzere.

Chachisanu ndi chimodzi: voliyumu kenako makilo

Kwatsala zophweka. Dera la mphete kutaimusa utali ndiye voliyumu ya chitsulo, voliyumu kutaimusa densiti ndiye kulemera.

```
V = A x L = 6.41 x 600 = 3846 cm³
m = V x 7.85 = 30191 g
```

Divayidani ndi 1000 mupeza makilo 30.2. Ndiye paipi ya ma inchesi 2 ya kalasi yapakati, mamita 6, ndi makilo 30 ndi kapamwamba, kapena tinene makilo 5.03 pa mita iliyonse. Taonani kuti chitsulo chonse cha paipi yaitali choncho sichikukwana ngakhale malita 4, koma poti lita imodzi yachitsulo ndi makilo 7.85 ndi momwe tafikira pa 30.

Ubwino wopeza voliyumu payokha ndi woti mukasintha chitsulo simuyambiranso, mumangosintha nambala yomaliza. Paipi ya miyezo yomweyi ikakhala ya aluminiyamu ndi 3846 kutaimusa 2.70, makilo 10.4. Ya kopa ingafike makilo 34.5.

Mungadziwe bwanji kuti mwalakwitsa

Yankho likatuluka musangolilandira, lifananizeni ndi zomwe manja anu akudziwa. Paipi imeneyi munthu wamkulu mmodzi amatha kuitukula ngakhale imavuta chifukwa cha utali, anthu awiri amainyamula mosavuta, ndiye makilo 30 ndi zomveka. Ndipo zolakwika zake zimakhala ndi zizindikiro. Mukapeza cha pa makilo 134 ndiye kuti simunachotse mphako, mwawerengera ngati mtanda wachitsulo wodzadza. Mukapeza cha pa 121, ndendende kanayi kuposa yankho lenileni, mwataimusa ndi 3.1416 pomwe pamafunika 0.7854, kutanthauza mwatenga fomula ya kusukulu ija ya theka la dayamita nkuikamo dayamita yonse. Mukapeza 15 kapena 16, pafupifupi theka, khoma mwalichotsa kamodzi pofuna dayamita ya mkati. Ndipo ngati manambala ndi omwewo 3, 0, 2 koma kadontho kali pena, monga 302 kapena 3.02 kapena 0.03, masamu anu ali bwino, vuto ndi mayunitsi, penapake mwasiya mamilimita kapena mamita osasintha.

Njira yachidule ya pa hadiweya

Mukazolowera, pa chitsulo wamba pali kanambala komwe kamaphatikiza 3.1416 ndi 7.85 ndi kusintha mayunitsi konse kuja. Apa D ndi t zikhale mu mamilimita, yankho limatuluka makilo pa mita.

```
kg/m = 0.02466 x t x (D - t)
kg/m = 0.02466 x 3.6 x 56.7 = 5.03
```

Taimusani ndi mamita 6 mwafika pa 30.2 pompo. Isungeni mu foni imeneyi. Koma kumbukirani kuti 0.02466 ndi ya chitsulo cha densiti 7.85 chokha, mukaigwiritsa pa aluminiyamu yankho likhala lokwera pafupifupi katatu. Ndi njira imeneyi mutha kuona msanga kuti ya mzere wofiira ija, khoma 4.5, ndi makilo 6.19 pa mita, paipi yonse cha pa 37.

Pomwe masamuwa amagwira ntchito yeniyeni

Tinene mukugula mapaipi 20 amtunduwu okokera madzi kuchokera pa thanki. 30.2 kutaimusa 20 ndi makilo 604. Galimoto ya tani imodzi kulemerako ikwanitsa, koma mapaipi a mamita 6 sagona mu bodi, amakwera pamwamba pa kaliya, ndipo kaliya wambiri sanapangidwire makilo 600, komanso katundu wolemera ali mmwamba choncho amapendeketsa galimoto pa kona. Ndiye nambala ija ikuthandizani kusankha, maulendo awiri kapena kalole kotalikirapo, musanalipire wa thiransipoti.

Chinanso chomwe anthu amaiwala, makilo 30.2 aja ndi a paipi yopanda kanthu. Ikayamba ntchito mphako ija imadzadza madzi. Dera la mphako ndi 28.20 kutaimusa 0.7854, kutuluka 22.15, kutaimusa 600 ndi 13,290, kutanthauza malita 13.3, ndipo lita ya madzi ndi kilo imodzi. Ndiye paipi yodzadza ndi makilo 43.5. Ngati mukupanga mabulaketi oigwira pa khoma kapena pa sitandi ya thanki, werengerani 43.5 osati 30.

Koma ntchito yomwe ine ndimaiona yaphindu kwambiri ndi kuwatembenuza masamuwa kuti mudziwe ngati akupatsani paipi ya khoma lomwe mwalipirira. Kunja mapaipi a kalasi yopepuka ndi yapakati amaoneka ofanana, mzere wa penti umatha kufufutika, ndipo kumapeto kumakhala mazinga ndiye veniya simuika bwino. Sikelo ndiye imaulula. Dulani kachidutswa ka masentimita 50, kopanda mazinga, muike pa sikelo, ngati khoma ndi 3.6 kayenera kulemera pafupifupi makilo 2.5. Tinene sikelo yaonetsa 2.1. Bwererani chammbuyo: magalamu 2100 kudivayida 7.85 ndi voliyumu 267.5, kudivayida utali wa 50 ndi dera la 5.35. Tsopano divayidani ndi kuzungulira kwa pakati pa khoma, komwe mungakuyerekeze kuti ndi 3.1416 kutaimusa 5.7, cha pa 17.9. Mupeza 0.30, ndiye kuti khoma ndi mamilimita 3.0 osati 3.6. Paipi yotereyi mukaidula mazinga pamatsala chitsulo chochepa, ndipo ndi pamazinga pomwepo pomwe imayambira kudontha kapena kuthyoka. Mukapeza zotere bwererani kwa ogulitsa muli ndi manambala anu mmanja, mukambirane mtengo kapena akusinthireni.

Kungoti musathamangire kukangana ndi munthu chifukwa cha kusiyana kochepa. Mafakitale amaloledwa kuti khoma lisiyaneko pang'ono ndi nambala ya mu buku, ndiye paipi yabwinobwino itha kulemera 29 kapena 31 ndi kakenakake popanda chinyengo chilichonse. Soketi yomwe imabwera kumapeto imaonjezera, mazinga amachotsako pang'ono, zinki nayenso ali ndi gawo lake laling'ono lomwe lalowa kale mu muyezo wa khoma ngati mwayeza ndi veniya. Kilo imodzi pa makilo 30 si nkhani, makilo 4 kapena 5 ndiye nkhani.

Pa mapaipi akale masamuwa amayamba kufooka. Paipi yomwe yakhala pansi pa nthaka zaka zambiri dzimbiri limadya khoma mosafanana, pena ladya kwambiri pena pali bwino, ndipo makoko a dzimbiri amatupa nkumaonetsa khoma lonenepa pomwe chitsulo chenicheni chachepa. Ya madzi imathanso kukhala ndi matope ndi zokakamira mkati zomwe zimalemera koma si chitsulo. Ngati mukuyerekeza makilo a zoterezi kuti mukagulitse kwa ogula zitsulo zakutha, dulani pakati osati kumapeto, palani mpaka chitsulo chiwale, gogodani zamkati zituluke, muyeze malo angapo, ndipo yankho lanu mulitenge ngati malire apamwamba, sikelo ya ogula iyenera kuonetsa chotsikirapo.

Chubu cha sikweya cha mageti ndi mabagala nachonso chimayenda njira yomweyi, kungoti 0.7854 palibe. Cha mamilimita 50 ndi 50, khoma 2, kunja ndi 5 kutaimusa 5 kupeza 25, mkati ndi 4.6 kutaimusa 4.6 kupeza 21.16, kusiyana kwake 3.84, kutaimusa 600 ndi 7.85 mupeza makilo 18.1. Pa sikelo chikhala chopepukirako ndi pafupifupi theka la kilo chifukwa makona ake ndi obulungira, si akuthwa ngati mmene masamu akuganizira.